Kuyanjanitsa sitetimenti ya banki ndi buku la ndalama pakutha pa mwezi

Moni owonera nonse. Lero titenga mapepala awiri amene akunena za ndalama zimodzimodzi koma sakugwirizana, ndipo tifufuza mpaka kwacha iliyonse ipezeke pamene ili. Pepala loyamba ndi buku la ndalama, limene ambiri amalitchula kuti kashibuku, la sitolo yongoyerekeza yogulitsa zipangizo za ulimi. Pa 30 Juni, danga la banki m'bukuli likuonetsa kuti kwatsala K2,450,000. Pepala lachiwiri ndi sitetimenti yochokera kubanki, ndipo pa tsiku lomwelo ikuonetsa K2,868,500. Kusiyana kwake ndi K418,500.

[Pa sikirini: buku la ndalama kumanzere, sitetimenti kumanja]

Mwini sitolo akaona zotere akhoza kusangalala poganiza kuti ali ndi ndalama zambiri kuposa mmene amadziwira, koma tikamaliza ntchitoyi muona kuti ndalama zimene angathe kugwiritsa ntchito si K2,868,500 ndiponso si K2,450,000. Kusiyanaku kumabwera chifukwa mabuku awiriwa amalembedwa ndi anthu osiyana pa nthawi zosiyana. Sitolo imalemba cheke m'buku tsiku limene yachipereka, pamene banki imachilemba tsiku limene mwini wake wapita nacho ndipo chalipiridwa.

Tisanayambe, pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ophunzira ambiri. M'buku la sitolo, ndalama zolowa zimalembedwa mbali ya debiti, koma pa sitetimenti ndalama zomwezo zimaoneka mbali ya kirediti. Apa palibe amene walakwitsa. Banki imalemba mabuku ake poonera mbali yake, ndipo kwa iyo ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole imene iyenera kukubwezerani. Choncho poyerekeza, debiti ya m'buku imayang'anizana ndi kirediti ya pa sitetimenti, ndipo kirediti ya m'buku imayang'anizana ndi debiti ya pa sitetimenti.

Patebulo payenera kukhala zinthu zina zitatu: masiliphi a dipoziti amene banki inadinda, zitsa za macheke zotsala m'buku la macheke, ndi pepala la kuyanjanitsa la mwezi wa Meyi. Pepala la Meyi ndi limene ambiri amaiwala, chonsecho ndi pamene ntchito imayambira, chifukwa macheke ndi madipoziti amene anali asanaoneke kubanki pa 31 Meyi ayenera kuti aonekera mu Juni, ndipo m'masamba a Juni a buku lanu simungawapeze. Pa pepala la Meyi la sitolo yathu panali macheke atatu. Awiri akuoneka pa sitetimenti ya Juni ndipo tawachonga, koma cheke nambala 398 cha K60,000 sichikuonekabe. Tichilembe pambali, chifukwa tibwereranso kwa icho.

Tsopano tichonge mzere ndi mzere, kuyambira ndi ndalama zolowa. Tengani dipoziti iliyonse ya m'buku, muifune pa sitetimenti, ndipo mukaipeza muike kachizindikiro mbali zonse ziwiri. Musakhutire ndi kufanana kwa ndalama kokha, onaninso tsiku ndi nambala ya siliphi, popeza m'sitolo imene imagulitsa katundu wa mtengo umodzimodzi n'zosavuta kuti madipoziti awiri afanane.

[Pa sikirini: mizere itatu ya m'buku ndi mzere umodzi wa pa sitetimenti]

Taonani apa. M'buku muli malisiti atatu a pa 11 ndi pa 12 Juni: K75,000, K130,000 ndi K45,000. Pa sitetimenti palibe ngakhale imodzi mwa ndalama zitatuzi, koma pa 13 Juni pali dipoziti ya K250,000 imene m'buku mulibe. Munthu wopupuluma alemba zinthu zinayi zosagwirizana, pamene kwenikweni palibe chosagwirizana. Mukaphatikiza malisiti atatuwo mupeza K250,000, ndipo siliphi yodindidwa ya pa 13 Juni ikutsimikizira kuti wantchito anapita nazo kubanki pamodzi. Umboni ndi siliphiyo, osati kungoti manambala akwanirana, chifukwa munthu akafunitsitsa akhoza kupeza manambala ena aliwonse amene akuphatikizana bwino.

Tikamaliza kuchonga zolowa, kwatsala madipoziti awiri opanda mnzake, ndipo ndi a mitundu yosiyana kotheratu. Yoyamba ili m'buku koma kubanki kulibe: K410,000 ya pa 30 Juni. Siliphi ikuonetsa kuti inaperekedwa madzulo, ndipo mbali ina inali macheke a makasitomala, kotero banki inailemba m'masiku oyambirira a Julayi. Buku silinalakwe, ndipo sitilikhudza. Yachiwiri ili pa sitetimenti koma m'buku mulibe: K320,000 imene inalowa pa 19 Juni. Iyi ndi ndalama imene wina anatumiza mwachindunji ku akaunti osadziwitsa sitolo.

Pa ndalama yotereyi m'pofunika kudekha. Chiyeso chimene chimabwera ndi kuyang'ana m'buku la angongole, kupeza kasitomala amene ali ndi ngongole yofanana nayo, n'kumuchotsera. Ngati mwaphonya, mudzasiya kulondola munthu amene sanalipire, kwinaku mukuvutitsa amene analipira kale. Werengani mawu amene banki yalemba pa mzerewo, ndipo ngati sakumveka, pemphani banki ikuuzeni amene anatumiza, kapena pemphani kasitomala akuonetseni umboni wa kutumizako. Ikakhala kuti sinadziwikebe, ilembeni m'buku ngati yolowa, koma mbali inayo ipite ku akaunti yosungira ndalama zosadziwika mwini mpaka zitadziwika, popeza nthawi zina imakhala ya munthu wina imene inalowa kwa inu molakwika ndipo idzachotsedwa. M'chitsanzo chathu, kasitomala wina wa sitolo waonetsa umboni kuti ndi iye anatumiza.

Tipite ku ndalama zotuluka. Apa ntchito ndi yopepukirapo chifukwa cheke chilichonse chili ndi nambala, choncho tichonga potsata manambala, osati masiku. Macheke awiri a m'buku sakuoneka pa sitetimenti: nambala 417 cha K540,000 chimene chinaperekedwa kwa wogulitsa mbewu pa 27 Juni, ndi nambala 419 cha K95,000 cha pa 29 Juni. Tikawonjezera chija cha mu Meyi cha K60,000, macheke osalipiridwa akukwana K695,000. Ndalama imeneyi ikuonekabe kubanki, koma eni ake alipo kale, ndipo mwini sitolo akaigwiritsa ntchito, cheke cha wogulitsa mbewu chikhoza kukabwezedwa chifukwa chosowa ndalama mu akaunti.

Cheke nambala 414 chili mbali zonse ziwiri, koma m'buku ndi K168,000 pamene pa sitetimenti ndi K186,000. Chitsa cha cheke ndi invoisi zikunena K186,000, kutanthauza kuti wolemba buku anasinthanitsa 8 ndi 6. Kusiyana kwake ndi K18,000, ndipo pali njira yodziwira cholakwa chotere: manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kumagawika ndi 9 popanda chotsala. K18,000 kugawa ndi 9 ndi K2,000 ndendende. Izi sizitsimikizira kuti vuto ndi limenelo, koma zimakuuzani poyambira kufufuza.

Pa sitetimenti patsala mizere iwiri yotuluka imene buku silikuidziwa. Wina ndi machaji a banki a K18,500. Winawo ndi cheke cha kasitomala cha K150,000 chimene sitolo inadipozita pa 8 Juni, koma banki inachibweza pa 14 Juni. Ndalama imeneyi iyenera kuchotsedwa m'buku, ndipo ngongole ya kasitomalayo ibwerere monga inalili.

Zonse zimene tapeza zikugawika pawiri, ndipo kugawa kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa ntchito yolondola ndi yosokonekera. Funso ndi limodzi: kodi amene sakudziwa za chinthuchi ndi ndani? Ngati ndi sitolo imene sinalembe kapena inalemba molakwika, timakonza buku. Ngati ndi banki imene chinthucho sichinaifikebe, buku timalisiya, n'kulemba chinthucho pa pepala la kuyanjanitsa. Tiyambe ndi kukonza buku.

[Pa sikirini: kuwerengetsa kukuoneka mzere ndi mzere]

Tikuyambira pa K2,450,000. Tiwonjezere K320,000 ya kasitomala uja, zikhala K2,770,000. Tichotse machaji a K18,500, kutsala K2,751,500. Tichotse cheke chobwezedwa cha K150,000, kutsala K2,601,500. Pomaliza tichotse K18,000 imene inaperewera pa cheke nambala 414, ndipo buku lokonzedwa likuonetsa K2,583,500. Iyi ndiyo ndalama yeniyeni ya sitolo kubanki, ndipo ndi imene imapita m'malipoti a zachuma.

Kenako tiyambire mbali ya banki. Sitetimenti ikunena K2,868,500. Tiwonjezere dipoziti ya K410,000 imene inali isanalembedwe, zikhala K3,278,500. Tichotse macheke atatu osalipiridwa a K695,000, ndipo tafika pa K2,583,500. Mbali ziwiri zakumana.

Zikapanda kukumana, musalembe kusiyanako ngati zowonongeka zina kuti pepala litseke, ngakhale kukhale kochepa, chifukwa kusiyana kwa K2,000 kukhoza kukhala zolakwa ziwiri zazikulu zimene zatsala pang'ono kufafanizana. Gawani kusiyanako ndi 2, ndipo mufune ndalama ya kukula kumeneko. Mwachitsanzo, dipoziti ya K410,000 mukaichotsa m'malo moiwonjezera, mudzasiyana ndi K820,000. Onaninso ngati ndalama zoyambira mwezi m'buku zikufanana ndi zimene munatsekera Meyi, komanso ngati masamba onse a sitetimenti alipo.

Kukumana kwa manambala sikutanthauza kuti zonse zili bwino, chifukwa zinthu zinayi zimene talemba pa pepala la kuyanjanitsa tangoziganizira kuti zifika kubanki, ndipo tiyenera kuona ngati zafikadi. Dipoziti ya K410,000 iyenera kuoneka m'masiku ochepa a ntchito mu Julayi. Ikadutsa sabata osaoneka, nkhani siikhalanso ya kuchedwa: mwina inalowa ku akaunti yolakwika, mwina inalembedwa kawiri m'buku, kapena siinapite n'komwe kubanki. Dipoziti yochedwa imene imabwerabwera mwezi uliwonse, nthawi zonse chakumapeto kwa mwezi ndiponso ikukulirakulira, ndi chizindikiro chodziwika cha munthu amene akutenga ndalama za lero n'kudzatseka dzenjelo ndi ndalama za mawa. N'chifukwa chake amene amalandira ndalama ndi kupita nazo kubanki sayenera kukhala yemweyo woyanjanitsa, ndipo ngati antchito ndi ochepa, mwini bizinesi ayenera kutenga yekha sitetimenti kubanki, kuona masiliphi odindidwa, ndi kusaina pepala la kuyanjanitsa.

Cheke nambala 398 chija nachonso chikufunika kulondoledwa. Macheke a pa 27 ndi 29 Juni ali ndi chifukwa chomveka chochedwera, koma cha mu Meyi chadutsa mwezi wathunthu. Imbirani amene chinalembedwera mumve ngati anachilandira, popeza nthawi zina cheke chimalembedwa m'buku koma n'kutsala m'kabati ya mu ofesi. Ngati chinatayika, uzani banki mwa kalata kuti isachilipire musanalembe china, kuopa kulipira kawiri. Mabanki kawirikawiri salipira cheke chimene chadutsa miyezi 6 chilembedwere, choncho chikadzafika kumapeto kwa Novembala chisanaoneke, K60,000 imeneyo iyenera kubwezeredwa m'buku mbali ya debiti, ndipo ngongole ya sitolo kwa munthuyo ilembedwenso kuti ikadalipo.