Kulemba vuto m'pulopozo: ndi angati, liti, ndipo mwadziwa bwanji?

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyo, mawu akapanda kufika mukweze dzanja.

Lero sitikambirana pulopozo yonse. Tiima pa gawo limodzi, lija lofotokoza vuto limene tikupemphera thandizo. Ndikuwerengereni kaye ndime imodzi. Ndailemba ndekha ngati chitsanzo, koma yofanana nayo ndaiona kambirimbiri:

"Anthu a m'dera lathu akuvutika momvetsa chisoni kwambiri chifukwa chosowa madzi. Amayi amayenda mitunda italiitali, ndipo ana akudwala tsiku ndi tsiku. Vuto lathu lalikulu ndi lakuti tilibe mjigo. Chonde timvereni chisoni."

Ndikuona ena mukugwedeza mutu kuvomereza. Wolemba ndime yotere sakunama ayi, amalemba zimene zikumupweteka mumtima. Koma taganizirani munthu amene akuiwerenga. Patebulo pake pali mulu wa mapulopozo, ndipo pafupifupi aliyense akunena za kuvutika. Komanso nthawi zambiri iyeyo sagamula yekha. Amakaima pamaso pa komiti n'kufotokoza chifukwa chake ndalama zipite kwa inu osati kwa ena. Akamufunsa kuti "anthuwo ndi angati?", ndime ijayi sinamupatse choyankha. Chisoni angakhale nacho ndithu, koma alibe poyambira kukutetezani.

Ndiye tiikonze limodzi, chiganizo ndi chiganizo, pofunsa mafunso atatu: ndi angati, ndi liti, ndipo tadziwa bwanji?

Tiyambe ndi chiganizo choopsa kuposa zonse, chija chakuti "vuto lathu ndi lakuti tilibe mjigo". Chimamveka bwino, koma chikuzungulira pamodzimodzi. Tikupempha mjigo chifukwa tilibe mjigo. Mjigo ndi yankho limene ife tasankha, si vuto. Vuto ndi zimene zikuwachitikira anthu: nthawi imene akutaya potunga, kuchepa kwa madzi amene akufika pakhomo, madzi osatetezeka amene akumwa mzere ukatalika. Mukalemba vuto ngati kusowa kwa chinthu chimene mukufuna kugula, wowerenga amaganiza kuti munayamba mwasankha chogula, vuto n'kulipezera pambuyo. Njira yodziyesera ndi iyi: bisani ndi chala dzina la chinthu mukupemphacho, muwerengenso. Ngati palibe chatsala, vuto simunalilembe.

Tsopano tiyerekeze kuti gulu lathu lakhala pansi kuti lipeze umboni. Manambala amene ndikutchulewa ndi ongoyerekeza, kuti tione kagwiridwe kake. Tinene kuti tawerenga m'kaundula n'kupeza mabanja 240, anthu 1,300. Mijigo ilipo itatu, koma wogwira ntchito ndi umodzi. Taonani, choyamba chimene tapeza n'chakuti mawu aja akuti "tilibe mjigo" sanali olondola kwenikweni. Wopereka thandizo akadzabwera kudzaona n'kupeza mijigo itatu, adzayamba kukayikira zonse zimene tinalemba, ngakhale zoona zomwe.

Nanga "mitunda italiitali" ndi yotalika bwanji? Apa musaganizire, kayezeni. Ndipo pa nkhani ya madzi nthawi imanena zambiri kuposa mtunda, chifukwa mjigo ungakhale pafupi koma mzere n'kudya m'mawa wonse. Sitingafunse mabanja onse 240, ndiye tiyende n'kumalowa nyumba yachinayi iliyonse, tipeze mabanja 60. Bwanji osangofunsa amene timawadziwa? Chifukwa tikatero timapita kwa amene akudandaula kwambiri kapena amene ali pafupi ndi msewu, ndipo chithunzi chimapotoka. Banja lililonse tilifunse funso limodzimodzi: dzulo, kuchokera pamene munanyamuka kukatunga mpaka pamene munafikanso pakhomo, panapita nthawi yaitali bwanji, ndipo munabwera ndi zigubu zingati? Funsani za dzulo, osati "nthawi zambiri", pakuti za dzulo munthu amazikumbukira bwino. Anthu awiri akakhalenso pa mjigo ndi wotchi masiku asanu, kulemba nthawi imene wotunga wafika pamzere ndi imene wachoka. Zimene anena anthu zikagwirizana ndi zimene yanena wotchi, umboni wanu walimba.

Tinene kuti tapeza kuti mabanja 44 mwa 60 amatha mphindi zoposa 30 pa ulendo umodzi, ndipo banja la anthu 6 limafikitsa pakhomo zigubu zitatu za malita 20 patsiku. Amenewo ndi malita 60, kugawa kwa anthu 6, malita 10 munthu aliyense.

Koma nambala payokha siilankhula. Malita 10 ndi ambiri kapena ochepa? Apa ndiye pagona nkhani yonse ya lero. Vuto m'pulopozo ndi mpata umene ulipo pakati pa mmene zinthu zilili ndi mmene ziyenera kukhalira, choncho pamafunika muyeso wodziwika woti muyerekezere. A WHO ndi a UNICEF, powerengera amene ali ndi madzi akumwa pa mlingo woyambira, amati madziwo achokere pa gwero lotetezedwa ndipo ulendo wonse, kupita, kudikira pamzere ndi kubwerera, usapitirire mphindi 30. Palinso miyeso ya Sphere, imene mabungwe othandiza pa ngozi amagwiritsa ntchito: malita osachepera 15 munthu aliyense patsiku, ndi anthu osapitirira 500 pa mjigo umodzi wopopa ndi manja. Apa muchenjere pang'ono. Miyeso ya Sphere inakonzedwera nthawi ya ngozi, ndiye muinene choncho m'pulopozo. Ndipo zimenezi zimakuthandizani, chifukwa mukusonyeza kuti anthu amene sali pa ngozi iliyonse akulandira madzi osafika ngakhale pa mlingo wa nthawi ya ngozi. Ngati boma lili ndi muyeso wake pa nkhani yanu, yambani ndi umenewo.

Inde mayi, funsani.

(Mayi wina afunsa: "Nanga za ana odwala zija tizichotse? Ifetu n'zimene zikutiwawa.")

Ayi mayi, musachotse, koma muzilembe mosamala kuposa zina zonse. Pitani kwa azaumoyo mukapemphe chiwerengero cha ana osakwana zaka zisanu amene anabwera ndi matenda otsekula m'mimba, chiwerengero chokha, mayina ayi. Tinene kuti akupatsani ana 38 pa miyezi itatu. Lembani momwemo: ana 38, miyezi yakutiyakuti, malinga ndi kaundula wa kuchipatala. Musalembe kuti "ana akudwala tsiku ndi tsiku". Ndipo musalembe kuti onse 38 anadwala chifukwa cha madzi, pakuti kaundula sanena zimenezo. Kutsekula m'mimba kumabweranso ndi zimbudzi, kusasamba m'manja ndi zina. Chimene munganene n'chakuti mabanja akuti mwa 60 anatiuza kuti mzere ukatalika amakatunga pamalo osatetezedwa, ndipo madzi otere ndi njira yodziwika yofalitsira matendawa. Munenenso kuti kaundula amawerenga okhawo amene anafika kuchipatala. Wowerenga wodziwa ntchito akaona kuti mukudziwa pamene umboni wanu ukuthera, amakhulupiriranso zina zimene mwalemba.

Pali funso lina limene wopereka thandizo adzafunsa ngakhale inu mutalizemba: mijigo iwiri ija inawonongeka bwanji? Ngati chinathyoka ndi chitsulo chimene chikanagulidwa, koma panalibe thumba la ndalama zokonzera, ndiye gwero la vuto ndi kasamalidwe, ndipo mjigo wachinayi udzafa imfa yomweyo. Ngati imauma m'chilimwe chifukwa inakumbidwa mosazama, imeneyo ndi nkhani ina, yofuna yankho lina. Fufuzani, mulembe. Ndikudziwa kuti zimachititsa manyazi kunena kuti komiti inalephera kusonkhetsa ndalama, koma kubisa kumakuwonongerani kuposa kuulula.

Tsopano mverani ndime ija itakonzedwa:

"M'dera lino muli anthu 1,300 m'mabanja 240. Mwa mijigo itatu, umodzi wokha ndi umene ukugwira ntchito, kutanthauza kuti ukutumikira anthu ochuluka kuposa kawiri ndi theka pa anthu 500 amene miyeso ya Sphere imalola pa nthawi ya ngozi. Pa kafukufuku amene gulu lathu linachita mwezi wakuti pa mabanja 60, mabanja 44 anatha mphindi zoposa 30 pa ulendo umodzi wokatunga, ndipo madzi ofika pakhomo anali pafupifupi malita 10 munthu aliyense patsiku. Mijigo iwiri inaima chifukwa panalibe ndalama zokonzera. Anthu akhazikitsa komiti yatsopano ndipo ayamba kusonkha mwezi uliwonse."

Mwaona kuti mawu akuti "momvetsa chisoni" ndi "chonde" achoka, koma kuwawa kwa nkhaniyo sikunachoke. Aliyense amene anasenzapo chigubu akudziwa tanthauzo la malita 10 oti munthu amwe, aphikire, asambe ndi kuchapira. Taonaninso chiganizo chomaliza. Chikusonyeza anthu amene akuchitapo kanthu, osati ongokhala kudikira. Ine ndimalimbikira pamenepa, chifukwa anthu amene timawalembawa ndi abale athu. Ndime imene simungaiwerenge mokweza pamaso pawo, musaitumize kwa wina aliyense.

Nkhani ya munthu mmodzi ili ndi malo ake. Ikani imodzi, ziganizo ziwiri kapena zitatu, pambuyo pa manambala. Musankhe yoimira ambiri, osati yoipitsitsa imene munaimvapo. Mwachitsanzo, mayi amene amanyamuka kusanache n'kubwerera ana atapita kale kusukulu. Mumupemphe chilolezo, ndipo dzina lake musalembe ngati sanavomere.

Chinthu china chimene ambiri sachiona msanga: nambala iliyonse imene mwalemba apa idzakutsatirani mpaka ku lipoti lomaliza. Mukalemba 44 mwa 60 lero, cholinga chanu chidzakhala kutsitsa nambala imeneyo, ndipo pakutha pa ntchito mudzabwerera kukafunsa funso lomwelo, mwa njira yomweyo, m'nyengo yomweyo ya chaka. Mukayeza koyamba m'chilimwe, kachiwiri m'dzinja, kusinthako kudzakhala kwa mvula, osati kwa ntchito yanu. N'chifukwa chake kukokomeza kumadzapweteka mwini wake. Amene analemba kuti "mabanja onse" adzasowa poyezera. Onetsetsaninso kuti chiwerengero cha anthu chimene chili m'gawo la vuto n'chomwecho chimene chili m'zolinga ndi m'bajeti. Apa 1,300, uko 2,000, wowerenga amaona msanga. Ndipo ngati mwatenga chiwerengero cha dziko lonse kapena cha kalembera, tchulani chaka chake, ndipo musachinene ngati cha dera lanu.

Tsopano tulutsani mapulopozo amene mwabwera nawo, mukhale awiriawiri, musinthane. Lembani mzere kunsi kwa mawu aliwonse ngati "ambiri", "kwambiri", "onse", "nthawi zonse". Pambali pa lililonse mulembe kumene nambala yake ingapezeke, kaya m'kaundula, kaya kwa azaumoyo, kaya poyenda khomo ndi khomo, ndi dzina la amene akaitenge. Limene mwalephera kulipezera kochokera, mulizungulize, tiyambire pa amenewo tikakumananso pakatha mphindi 20.