Zisanu ndi chimodzi: mumuthandize chonchi mwanayo

Achemwali mwaswera bwanji? Ndaona chithunzi cha homuweki mwanditumizira chija, ndikungotsika minibasi ku Kawale kuno ndiye ndingoyankhula, kulemba kungachedwe.

Mwanayo walemba "mazira asanu ndi chimodzi", pamenepo mpomwe aphunzitsi amuthetha. Musamukalipire ayi, mutenge mazira enieni kapena nyemba muyike patebulo. Muyambe ndi kumuuza kuti mChichewa manambala amene amasintha ndi asanu okha, -modzi, -wiri, -tatu, -nayi, -sanu, ndipo kutsogolo kwake kumatengera chinthu chomwe ukuwerengacho. Anthu awiri, mitengo iwiri, nkhuku ziwiri, tiana tiwiri. Chizungu sichitero, thuu ndi thuu basi kaya ndi anthu kaya ndi nkhuku, nchifukwa chake ana amathawira komweko.

Tsopano 6 mpaka 9 ife timachita kuphatikiza, zisanu kenako chotsalacho. Muyike mazira asanu mbali iyi, limodzi mbali iyo, mumufunse kuti ili lili lokhali ungati chani? Ayankha yekha kuti dzira limodzi. Eya, ndiye mazira asanu ndi limodzi. Chotsala chija chikakhala chokha chimatenga mawu a chinthu chimodzi, anthu asanu ndi mmodzi, nkhuku zisanu ndi imodzi, mitengo isanu ndi umodzi. Akafika pa 7 zaphweka, mazira asanu ndi awiri.

Khumi ndi lina, ilo ndi dzina ngati dengu, silisintha ndi chinthu, anthu khumi, nkhuku khumi, koma likachuluka ndi makumi. Ndiye 20 ndi makumi awiri, 60 ndi makumi asanu ndi limodzi, limodzilo ndi khumi lija. 100 ndi zana, 1000 ndi chikwi.

Apa ndiye mumvetsetse chifukwa ngakhale akuluakulu timasokoneza. Munthu akati anthu makumi asanu ndi awiri, akunena 70 kapena 52? Khutu limamva zonse ziwiri. Mankhwala ake ndi mawu oti mphambu, amene amakuuza kuti makumi atha, zikubwerazi nzapadera. 52 ndi makumi asanu ndi mphambu ziwiri, pomwe 70 ndi makumi asanu ndi awiri basi. Mumuyese ndi 78, amange miyulu ya nyemba khumi khumi mpaka isanu ndi iwiri, pambali zisanu ndi zitatu, kenako anene pang'onopang'ono, makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zisanu ndi zitatu.

Nzazitali inde, ndiye mu msika wa m'tauni palibe angakuuzeni tomato ndi mazana asanu, amangoti faifi handiredi, nanenso ndimatero. Koma ine zimandiwawa mwana akamaganiza kuti ife tilibe manambala, chonsecho Lachiwiri, Lachitatu mpaka Lachisanu amatchula sabata iliyonse osadziwa kuti akuwerenga.

Ayeserere madzulo ano ndi nkhuku, mitengo ndi anthu, 6 yokhayokha kaye, mundijambulire mawu ake ndimve.