Kulemba chimangirizo cha mtsutso m'mphindi 40

Tiyerekeze kuti muli m'chipinda cha mayeso a MSCE, mwatsala ndi mphindi 40, ndipo mutu umene mwapatsidwa ndi wakuti, "Sukulu zogonera komweko ndi zabwino kuposa zoyendera. Vomerezani kapena tsutsani."

Mphindi 5 zoyambirira musazigwiritse ntchito polemba chimangirizocho ayi, koma posankha mbali. Lembani mwachidule mfundo zovomereza ndi zotsutsa, kenaka tengani mbali imene ili ndi mfundo zitatu zomwe mungazipezere zitsanzo, ngakhale itakhala kuti si ya kumtima kwanu, pakuti wochonga mayeso sayang'ana zimene mumakhulupirira koma mmene mwazitetezera.

Ndime yoyamba ikhale yaifupi, ndipo inene poyera pamene mwaima: "Ndikuvomereza kuti sukulu zogonera komweko ndi zabwino chifukwa zimachotsa vuto la mtunda, zimapereka nthawi yowerenga, ndiponso zimaphunzitsa kudzidalira." Wophunzira amene walemba kuti mbali zonse ziwiri zili ndi ubwino wake sanayankhe funso.

Pathunthu, mfundo iliyonse ikhale ndi ndime yakeyake, ndipo ndime imodzi isapitirire mphindi 7. Chiganizo choyamba chinene mfundo, chachiwiri chipereke chifukwa, chachitatu chionetse chitsanzo, chomaliza chibwerere ku mutu. Mwachitsanzo: "Poyamba, sukulu zogonera zimachotsa vuto la mtunda. Woyendera amafika m'kalasi atatopa kale. Mtsikana amene amayenda makilomita 6 atatunga kaye madzi m'mamawa amaphonya phunziro loyamba, ndipo mtsinje ukadzaza nyengo ya dzinja amajomba. Choncho wogonera komweko amaphunzira maola ambiri kuposa mnzakeyo."

Tamvetserani mawu akuti "choncho" m'ndimeyi. Mawu olumikiza si zokongoletsera, chifukwa alionse ali ndi ntchito yake: "choncho" amabweretsa zotsatira, "kuonjezera apo" amapitiriza mbali yomweyo, pamene "komabe" amatembenuza ganizo. Ambiri akapanikizika amalemba kuti, "Sukuluzi zili ndi magetsi, komabe ophunzira amawerenga usiku," chonsecho palibe chimene chatsutsidwa, ndipo mawu oyenera pamenepo anali "choncho".

Malo enieni a "komabe" ndi pamene mukuyankha otsutsa, mathero asanafike: "Ena amati fizi ya sukulu zogonera ndi yokwera. Komabe, woyendera wa kutali nayenso amalipira thiransipoti kapena lendi."

Mphindi 4 zomaliza werengani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse motsatizana, ndipo, kupatula pamene mukuyankha otsutsa, mukapeza china chikukokera ku mbali imene munaikana, dziwani kuti mwasochera pamenepo. Nthawi ikakutherani muli pa mfundo yachiwiri, isiyeni yachitatuyo, lembani mathero a ziganizo ziwiri, kenaka mubwerere ku ndime yoyamba kukafufuta mawu akuti "ndiponso zimaphunzitsa kudzidalira", kuti musalonjeze mfundo imene simunaifotokoze.