Makalata a sabata ino: "Ndinatsegula LinkedIn, koma kuli zii"

"Malume, ndili m'chaka chachitatu, ndikuphunzira za akaunti kuno ku Blantyre. Mu Ogasiti tikuyenera kupita ku atachimenti. Anzanga anati nditsegule LinkedIn kuti olemba ntchito andipeze. Ndinatsegula mu Febuluwale, koma mpaka lero kuli zii. Kodi zimenezi n'za ana a anthu odziwika okha? Ndine mtsikana wa ku Chilomoni."

Mwana wanga, kalata yanuyi yandikhudza, chifukwa sabata ino makalata anayi abwera ndi dandaulo lomweli. Munaika adiresi ya tsamba lanu m'munsi mwa kalata, ndiye usiku wathawu ndinalitsegula. Musakhumudwe, dzina sinditchula, koma zomwe ndinaona ndinena.

Pamalo pa dzina munalemba dzina lomwe amakuitanirani ku hositelo. Chithunzi n'cha paukwati, ndipo kumbali kukuoneka phewa la munthu wina yemwe munamudula. Mzere wa pansi pa dzina, womwe amautcha Headline, munalembapo "Blessed and highly favoured". Amen, mwana wanga, ndife odalitsikadi. Koma taganizirani mayi yemwe bwana wake wamuuza kuti apeze ophunzira awiri oti adzathandize ku ofesi ya zachuma. Mayiyu satsegula masamba a anthu limodzilimodzi ngati akusankha tomato pamsika wa Limbe. Amapita pakabokosi kofufuzira n'kulemba mawu, mwina "accounting intern", n'kusankha dera la Blantyre, mwinanso sukulu ndi chaka chomaliza maphunziro. Makina amamubweretsera masamba omwe ali ndi mawu amenewo. Patsamba lanu mawu oti "accounting" palibe paliponse. Ndiye sikuti mayiyu anakukanani ayi. Sanakuoneni n'komwe.

Yambani ndi mzere umenewo, chifukwa umayenda nanu kulikonse komwe dzina lanu laonekera. Umalola zilembo 220, koma pafoni mawu akumapeto amadulidwa, choncho ofunika akhale koyambirira. Inu mungalembe kuti "Accounting student seeking internship in Blantyre | Excel, bank reconciliation". Mawu oterewa musawapeke pamutu. Pezani zilengezo zitatu kapena zinayi za atachimenti ya akaunti, kaya m'nyuzipepala kaya pa LinkedIn pomwepo, muone mawu omwe akubwerezedwa. Mwa amenewo tengani okhawo omwe mukuwadziwadi ntchito yake, muwaike pamzerewu ndi pagawo la Skills. Mukalemba QuickBooks pomwe munangoiona pakompyuta ya mnzanu, tsiku la mafunso adzakukhazikani pamakina, thukuta lidzatuluka ngati la mu Okutobala.

Dera munangoika Malawi. Ikani Blantyre, chifukwa wofufuza amasefa ndi mzinda. Pagawo la Education munalemba sukulu koma osaika maphunziro omwe mukuchita kapena chaka chomwe mudzamalize. Lembani zonsezi, ndipo polemba dzina la sukulu musankhe lomwe likutuluka pamndandanda, lokhala ndi chizindikiro chake. Mukangolilemba mwa njira yanu, sefa ya sukulu ikhoza kukudumphani, komanso simuoneka pakati pa omwe anaphunzira kumeneko, omwe ena mwa iwo lero ndi mabwana.

Tsono pali gawo lomwe munalisiya lopanda kanthu, la Experience. Ndinakuimbirani foni n'kufunsa chifukwa chake, munati simunagwirepo ntchito. Titacheza pang'ono, zinadziwika kuti kwa zaka ziwiri ndinu mumalemba mabuku a banki m'khonde ya amayi anu, ya anthu 25: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, ndipo pogawana mu Disembala ndinu mumawerengera aliyense zake pa Excel. Mwana wanga, imeneyo si ntchito ya akaunti? Ilembeni momwe ilili, kuti ndi yodzipereka, munayamba liti, anthu ndi angati, mumachita chiyani mwezi ndi mwezi. Mizere itatu yakwana. Mayina a amayiwo ndi ngongole zawo zisiyeni m'kope.

Apa mundilole ndikalipe pang'ono, osati inu nokha. Ophunzira athu muli ndi matenda awiri. Ena mumadzichepetsa mpaka kubisa zomwe manja anu amadziwa, ngati kuzinena n'kudzitama. Ena mumadumphira kwina: mnyamata wa chaka chachiwiri walemba kuti ndi "CEO & Founder", ukafufuza kampaniyo ndi tsamba la Facebook logulitsa nsapato za kaunjika. Kugulitsa nsapato si kolakwa, ndipo ukalemba kuti umaoda, umasunga mabuku, umatsata makasitomala, wolemba ntchito amaona munthu wodziwa kusunga ndalama. Koma ndani angaitane bwana wamkulu wa kampani kuti adzasanje mafayilo miyezi itatu? Ine nditakhala wolemba ntchito, ndingatenge wa banki m'khonde uja.

Mukakonza izi, dinani Open to pansi pa chithunzi chanu, musankhe Finding a new job. Pamenepo mulemba maudindo omwe mukufuna, madera, ndipo pamtundu wa ntchito muchonge Internship. Akufunsaninso kuti aone ndani: Recruiters only kapena All LinkedIn members. Choyambacho n'cha anthu omwe ali kale pantchito ndipo akuopa bwana, komanso chimaoneka kwa okhawo omwe amalipira chida cha LinkedIn Recruiter. Inu mulibe bwana woti mumubisire, ndipo mwini kampani yaing'ono ya ku Ginnery Corner sangakhale ndi chida chimenecho. Sankhani chachiwiri, cha kamkombero kobiriwira pachithunzi.

Mudziwa bwanji kuti zagwira? Patsamba lanu pali gawo la Analytics, ndipo m'menemo muli Search appearances, pomwe amawerenga kuti mwatuluka kangati anthu akamafufuza. Dikirani masabata awiri. Ngati nambala ikadali pansi, vuto ndi mawu kapena kuchepa kwa olumikizana nawo. Muli nawo 11 okha, ndipo ofufuza wamba amaona msanga anthu omwe ali pafupi ndi omwe amawadziwa kale. Yambani kulumikizana ndi anzanu a m'kalasi, aphunzitsi, ndi omwe anamaliza zaka zapitazo. Ndinenenso mosabisa kuti maofesi ambiri kwathu kuno amalandirabe kalata ya pamanja. Pitirizani kuyenda ndi envulopu, koma pamwamba pa sivi yanu ikanipo adiresi ya tsambalo, kuti akakufufuzani apeze zofanana ndi zomwe zili papepala.

Nthawi yatha ndithu. Mnyamata wa ku Mzuzu akufunsa ngati alipire Premium, mtundu wa LinkedIn wolipira. Ayi achimwene, zonse ndanenazi n'zaulere, ndalamayo gulani bandulo.

Wa ku Bunda akuti alibe suti yojambulitsira. Malaya oyera bwino, khoma lopanda zithunzi kumbuyo, nkhope iyang'ane komwe kukuchokera kuwala, mnzanu akujambuleni kuyambira m'mapewa. Magalasi akuda aja asiyeni a ku nyanja.

Wina wa ku Zomba akuti adiresi ya tsamba lake ili ndi manambala ambirimbiri kumapeto. Tsegulani pakompyuta, kumanja kuli Public profile & URL, mufupikitse ikhale dzina lanu lokha.

Kalata yomaliza yachokera kwa mayi a ku Area 25. Akuti mwana wawo walandira uthenga wakuti wapeza malo a atachimenti, koma atumize kaye K15,000 pa Mpamba ya fomu. Mayi, musatumize ngakhale tambala. Funsani dzina la kampaniyo, mupeze nokha nambala ya ofesi yawo, osati yomwe ili mu uthengawo, muimbe n'kufunsa ngati akumudziwa munthuyo. Mudzandilembere zomwe akuyankheni, ndidzawerenga Loweruka likubwerali.