Hamburg atseka, Munich atsegula: maholide a zigawo zina zokha

Zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyo mukundimva? Chabwino. Nkhani yathu lero ndi ya masiku a tchuthi omwe sakhudza dziko lonse, koma chigawo chimodzi kapena zingapo. Ambiri tikamva kuti holide timangoganiza kuti dziko lonse lapuma. M'maiko ena sizili choncho. Mutha kuimba foni ku ofesi ya mumzinda wina n'kuyankhidwa bwinobwino, koma kuimba mumzinda wina wa dziko lomwelo, foni n'kumangolira tsiku lonse.

Nditenga dziko la Germany, chifukwa kumeneko nkhaniyi imaoneka poyera. Dzikoli lili ndi zigawo 16, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Mphamvu yokhazikitsa masiku a tchuthi ili m'manja mwa zigawozo. Tsiku limodzi lokha ndi lomwe linaikidwa ndi lamulo la dziko lonse: 3 Okutobala, lokumbukira kuphatikizana kwa Germany wa kum'mawa ndi wa kumadzulo mu 1990. Pali masiku ena asanu ndi atatu omwe aliyense amapuma, monga Chaka Chatsopano, Lachisanu Loyera, 1 Meyi ndi masiku awiri a Khirisimasi, koma zimenezi zili choncho chifukwa chigawo chilichonse chinawalemba pachokha m'lamulo lake. Mukachotsa masiku asanu ndi anayi amenewa, otsalawo ndi aliyense zake.

Kusiyanaku gwero lake lalikulu ndi chipembedzo. Mu 1555, mumzinda wa Augsburg, anapangana kuti wolamulira dera ndiye asankhe mpingo wa dera lakelo, kaya wa Katolika kapena wa Lutera. Mapeto ake, kummwera ndi kumadzulo kunatsala Akatolika ambiri, pomwe kumpoto ndi kum'mawa kunachuluka otsatira Lutera. Lero ambiri kumeneko sapita n'kutchalitchi komwe, koma kalendala yawo ikutsatirabe mapu akalewo.

Tiyeni tione masiku awiri oyandikana, chifukwa ndi pomwe anthu amapusitsika kwambiri. Pa 31 Okutobala amakumbukira tsiku lomwe Martin Luther anatulutsa mfundo zake 95 mu 1517. Tsikuli ndi holide m'zigawo zisanu ndi zinayi za kumpoto ndi kum'mawa, kuphatikizapo Brandenburg, Saxony ndi Hamburg, mzinda womwe uli chigawo pawokha. Mawa lake, pa 1 Novembala, ndi tsiku la Oyera Onse, ndipo limeneli ndi holide m'zigawo zina zisanu: Bavaria, Baden-Württemberg, North Rhine-Westphalia, Rhineland-Palatinate ndi Saarland. Zisanu ndi zinayi kuphatikiza zisanu, zakwana 14. Ziwiri zotsalazo, Berlin ndi Hesse, zimagwira ntchito masiku onse awiri.

Tsono tiyerekeze kuti munthu ali ndi nkhani yofuna maofesi awiri. Ofesi ya ku Hamburg iyenera kutsimikizira chikalata chake, kenako ofesi ya ku Munich, ku Bavaria, ichilandire ndi kumalizitsa. Titenge chaka cha 2024, pomwe 31 Okutobala inali Lachinayi ndipo 1 Novembala inali Lachisanu. Munthuyu wakonza zoti Lachinayi aimbe ku Hamburg, Lachisanu amalize ku Munich, sabata ithe zonse zili m'malo. Lachinayi aimba ku Hamburg, kuli zii, atseka. Ku Munich tsiku limenelo akugwira ntchito, koma alibe chomwe angachite chifukwa chikalata sichinafike. Lachisanu ku Hamburg atsegula, atumiza chikalata chija, koma ku Munich ndiye atseka. Kubwera Loweruka, kubwera Lamlungu. Tsiku lomaliza lomwe maofesi onse awiri anali otsegula linali Lachitatu pa 30 Okutobala, ndipo lotsatira ndi Lolemba pa 4 Novembala. Akanaimba Lachitatu, chikalata chikanalandiridwa ku Munich Lachinayi. Wachedwa ndi tsiku limodzi, koma wataya masiku anayi.

Ndipo akanatenga kalendala yongolemba maholide a dziko lonse, sabata imeneyo akanaiona yoyera, yopanda chizindikiro chilichonse. Ine kalendala yotere ndimaiopa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imakupatsa mtima woti wafufuza.

Chaka chotsatira, 2025, masiku omwewo anagwa Lachisanu ndi Loweruka. Apa pali chinthu china choti mudziwe. Ku Germany holide ikagwa Loweruka kapena Lamlungu saisunthira ku Lolemba, yapita basi. Ndiye a muofesi ku Munich chaka chimenecho sanapindule kanthu, koma masitolo anatseka Loweruka limenelo, chifukwa pa holide masitolo ambiri satsegula. Wofuna kugula zakudya za kumapeto kwa sabata anayenera kugula Lachisanu.

Eya mayi, funsani.

Afunsa kuti, nanga munthu akamakhala chigawo china koma n'kumagwira ntchito chigawo china, amatsatira kalendala iti? Funso labwino. Amatsatira ya komwe amagwirira ntchito. Mzinda wa Potsdam uli ku Brandenburg, koma wagundizana ndi Berlin, ndipo anthu ambiri amagona ku Potsdam n'kumalawirira ku Berlin. Pa 31 Okutobala anansi awo onse ali pakhomo, masitolo a m'dera lawo atseka, koma iwo akwera sitima kupita kuntchito. Pa 8 Malichi zimatembenuka: limeneli ndi Tsiku la Amayi, holide ku Berlin kuyambira 2019, koma ku Brandenburg ndi tsiku lantchito. Komwe kuli likulu la kampani nakonso sikuwerengedwa. Kampani ya ku Munich ikakhala ndi nthambi ku Hamburg, a kunthambiyo amapuma masiku a ku Hamburg. Mfundo yomweyi imagwiranso pa masiku omalizira kupereka zikalata kukhoti: tsiku lomaliza likagwa pa holide limasunthira ku tsiku lantchito lotsatira, koma holide yake ikhale ya komwe kuli khotilo. Ya kwanu komwe mukulembera kalatayo siikupulumutsani.

Mwina mukuti, basi, ndikadziwa chigawo ndathana nazo. Nthawi zambiri inde, koma ku Bavaria nkhaniyi imatsika mpaka pa mzinda. Pa 15 Ogasiti, tsiku la Kutengedwa kwa Maria Kumwamba, ndi holide m'mizinda ndi m'midzi yokhayo yomwe Akatolika ndi ochuluka kuposa Apulotesitanti. Munich amapuma, Nuremberg amagwira ntchito, chonsecho onse ndi a chigawo chimodzi. Amene amanena kuti dera ili lili mbali iti ndi ofesi ya ziwerengero ya boma la Bavaria, potengera kalembera wa anthu, ndiye kalembera watsopano akachitika dera litha kupeza holideyi kapena kuitaya. Ndiye pali Augsburg uja, yemwe ali ndi holide yakeyake pa 8 Ogasiti, chikondwerero cha mtendere chomwe chinayamba mu 1650. Imathera m'malire a mzindawo. Mukangotuluka pang'ono, anthu ali pantchito.

Tsono kafufuzidwe kake. Choyamba si kufunsa kuti, kodi ku Germany kuli holide pa tsiku lakuti? Funso limenelo yankho lake likhoza kukhala loona koma losakuthandizani. Yambani ndi malo enieni omwe chinthu chanu chikachitikire: ofesiyo, khotilo, sukuluyo, nyumba yosungira katunduyo, ili mumzinda uti, ndipo mzindawo uli m'chigawo chiti. Onani adiresi ya pa kalata yomwe anakutumizirani, ya nthambi yomwe ikugwira nkhani yanu. Ngati nkhaniyo ikudutsa malo awiri, monga ya Hamburg ndi Munich ija, muone makalendala onse awiri n'kufunafuna masiku omwe onse ali otsegula.

Mukadziwa chigawo, lembani pa foni mawu a Chijeremani otanthauza maholide, dzina la chigawo m'chinenero chawocho ndi chaka, mwachitsanzo za ku Bavaria:

```
Feiertage Bayern 2026
```

Masamba adzabwera ambiri. Inu sankhani la boma la chigawocho kapena la khonsolo ya mzindawo. Mukafuna lamulo lenilenilo, mawu olemba ndi `Feiertagsgesetz` pamodzi ndi dzina la chigawo. Pa makalendala ambiri mudzaona zilembo ziwiriziwiri pambali pa holide, monga `BY` kutanthauza Bavaria, `BE` Berlin, `BB` Brandenburg, `HH` Hamburg. Mukaona zilembo zoterozo, dziwani kuti tsikulo si la onse. Muwerengenso timawu ting'onoting'ono ta m'munsi, chifukwa nkhani ngati ya 15 Ogasiti amaibisa kumeneko.

Chaka musachisiye, pa zifukwa ziwiri. China n'chakuti maholide ena amayenda. La Thupi ndi Magazi a Khristu, lomwe ndi holide m'zigawo zisanu ndi chimodzi ndiponso m'madera ochepa a zigawo zina ziwiri, limagwa Lachinayi patatha masiku 60 kuchokera pa Pasaka. Mu 2024 linali pa 30 Meyi, mu 2025 pa 19 Juni. China n'chakuti malamulo amasintha. Hamburg, Bremen, Lower Saxony ndi Schleswig-Holstein anaika 31 Okutobala m'malamulo awo mu 2018. Mecklenburg-Vorpommern anayamba kupuma pa 8 Malichi mu 2023. Mu 2017 dziko lonse linapuma pa 31 Okutobala, kamodzi kokha, pokumbukira zaka 500 za Luther uja. Munthu yemwe anali kumeneko chaka chimenecho akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti ndi holide ya dziko lonse, ndipo sakunama, kungoti nkhani yake ndi yakale.

Za kalendala ya mufoni, musaidalire kwambiri. Ina imaonetsa masiku a dziko lonse okha, ina imasakaniza zonse, za zigawo zonse pamodzi ndi masiku ongokumbukira omwe aliyense amapita kuntchito. Tsiku kulembedwa pa kalendala sikutanthauza kuti atseka. Ndipo tsiku kusakhala holide m'malamulo sikutanthauza kuti atsegula: 24 ndi 31 Disembala si maholide a lamulo ku Germany, koma mabanki amatseka ndipo masitolo ambiri amaweruka masana. N'chifukwa chake pa nkhani yofunika, mukamaliza zonsezi, lemberani kapena imbirani ofesiyo n'kufunsa mwachindunji kuti, kodi pa tsiku lakuti mudzatsegula? Safunsa anadya phula. Mufunsenso za tsiku lotsatira ngati holide yagwa Lachinayi, chifukwa ambiri amatenga tchuthi Lachisanu lake kuti apume masiku anayi, ndipo yemwe akugwira nkhani yanu akhoza kukhala mmodzi wa iwo.

Bambo uko afunsa ngati zimenezi n'za ku Germany kokha. Ayi. Ku United Kingdom, 2 Januwale ndi holide ku Scotland koma osati ku England, pomwe Lolemba la Pasaka ndi holide ku England koma osati ku Scotland, ndipo Northern Ireland amapuma pa 17 Malichi. Ku Canada, chigawo cha Quebec chili ndi holide yake pa 24 Juni. Chosiyana n'chakuti ku United Kingdom holide ikagwa kumapeto kwa sabata amaibweza pa tsiku lantchito lotsatira, ndiye zomwe ndanena za Loweruka la ku Munich musapite nazo kumeneko. Pali funso lina?