Imelo yopita kwa munthu amene sakukudziwani: yambani ndi phindu lake

Zikomo amayi apampando, zikomo amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Mwandiitana chifukwa cha imelo imene gulu lanu likufuna kutumiza kwa amanijala a malo ena ogona alendo ku Area 43 mu Lilongwe. Anthu amenewa sakukudziwani, ndipo sanakupempheni kuti muwalembere. Alembi andipatsa kalata imene munakonza, ndiye ndiyamba ndaiwerenga momwe ilili.

"Okondedwa bwana, tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse ogwira nawo ntchito. Ife ndife gulu la alimi a ku Mitundu. Tilipo anthu 20, ambiri ndi amayi. Cholinga chathu ndi kutukula mabanja athu. Tikupempha kuti mutithandize potigula tomato wathu."

Kalatayi ndi yaulemu, ndipo mulibe bodza. Koma taganizirani kumene ikafikire. Amanijala aja akaiona pa foni, mwina ali chiimire kukhitchini, alendo akudikira chakudya. Mu Gmail ya pa foni, munthu asanatsegule imelo amangoona dzina la wotumiza, mutu wa kalata, ndi mawu ochepa oyambirira. Pa kalata yanuyi, mawu amene aoneke ndi akuti "tikukhulupirira kuti muli bwino". Palibe chimene chikuwauza kuti muli ndi kanthu kowathandiza. Akatsegula, apeza mizere yonse ikukamba za inu: ndinu ndani, mulipo angati, mukufuna chiyani. Iwo akutchulidwa kumapeto, ndipo akutchulidwa ngati munthu wopemphedwa thandizo. Apa ndiye pamandiwawa, chifukwa inu si opempha ayi. Muli ndi chinthu chimene iwo amachisowa.

Chinthucho nchiyani? Nonse mukudziwa zimene zimachitika ndi tomato mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka cha mu Malichi. Wa kudimba amagwidwa matenda, amaola, pamsika amachepa, mtengo umakwera. Wophika wa malo ogona alendo amatumidwa kumsika wa Wakawaka kapena wa Lizulu, lero apeza wabwino, mawa wamadontho, mkuja mtengo wasintha. Inu muli ndi magirinihausi awiri, nyumba zija zolimiramo mbewu zotetezedwa ku mvula, ndipo mumakolola tomato wosalala m'miyezi yomweyo. Nkhani imeneyi ndiyo iyenera kukhala pamwamba, koma m'kalata yanu simunaitchule nkomwe.

Ndiye tiyambe ndi kabokosi kaja kolembedwa Subject. Musalembemo "Pempho" kapena "Moni", ndipo musakasiye kopanda kanthu. Lembani chinthu chenicheni: "Tomato wa mlungu uliwonse, Januwale mpaka Malichi, mtengo wosasintha". Munthu wogula zakudya akaona zimenezi, wadziwa kale ngati nkhaniyi ikumukhudza.

Kenako kalatayo. Mvetserani:

"Zikomo bwana. Miyezi ya mvula, pamene tomato wabwino amavuta kupeza mu Lilongwe, tingathe kumakufikitsirani makilogalamu 60 Lolemba lililonse m'mawa, pamtengo umodzi umene tingagwirizane kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ndife alimi a ku Mitundu, timalima mu girinihausi, nchifukwa chake mvula simatisokoneza. Kodi tingakubweretsereni makilogalamu 2 aulere Lachinayi likudzali kuti ophika anu aone okha? Mukavomera, tiuzeni nthawi imene ingakukomereni."

Pansi pake dzina la alembi, udindo wawo, dzina la gulu ndi nambala ya foni. Basi.

Taonani chimene chasintha. Chiganizo choyamba chikutchula vuto lawo ndi yankho lake: zingati, tsiku liti, kufikira liti. Za inu zabwera pachiwiri, ndipo zabwera ndi ntchito yake, kufotokoza chifukwa chimene angakukhulupirireni. Kuti mulipo 20 ndiponso kuti mukufuna kutukula mabanja ndi zoona ndipo ndi zofunika, koma zimenezo mudzakamba mutakhala nawo pansi.

Eya, abambo, funsani.

"Kodi si mwano kuyamba malonda osapereka moni wokwanira?"

Funso labwino, ndipo ambiri limawavuta, chifukwa tinaleredwa kuti munthu sufikira pa nkhani usanafunse za moyo. Moni musauchotse. Mwamva kuti ndayamba ndi "Zikomo bwana", ndipo kalata yonse ikuti "inu", "mukavomera". Ulemu ulipo. Chimene tachepetsa ndi kutalika kwake. Mukafika pa ofesi yawo maso ndi maso, apatseni moni wonse monga mwa mwambo wathu. Koma pa foni, mizere itatu ya moni imakankhira nkhani yanu pansi pamene munthu sakuona. Ndipo ngati mwadziwa dzina lawo, lembani dzinalo m'malo mwa "bwana". Kuimba foni pamalo olandirira alendo nkufunsa kuti amene amagula zakudya ndi ndani sikutenga nthawi, komanso mumapeza adiresi yeniyeni ya munthuyo. Adiresi zija zoyamba ndi info@ nthawi zambiri zimatsegulidwa ndi munthu amene alibe mphamvu yogula.

Tsopano pa pempho lija. Mwaona kuti ndapempha chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, choti munthu angayankhe "eya" kapena "ayi" ali chiimire. Sindinapemphe mgwirizano wa chaka, sindinapemphe msonkhano, sindinawafunse kuti amagula bwanji panopa. Munthu amene sakukudziwa sangasaine pangano chifukwa cha imelo imodzi, koma kulandira tomato woti alawe sikumuvuta. Mukaika mapempho atatu, amasiya kuti adzayankha akapeza mpata, ndipo mpatawo subwera.

Pali ngozi imodzi imene ndikufuna muisamale kwambiri. Kalata imene yayamba ndi phindu imakhala lonjezo. Nambala ija ya 60 ndangoiika ngati chitsanzo. Musanatumize, tsegulani kope lanu la zokolola za mvula yapitayi, muone mlungu umene munakolola zochepa kwambiri. Ngati mlungu umenewo munapeza makilogalamu 45, lembani 40. Onaninso za mayendedwe: ndani adzanyamula kuchokera ku Mitundu, ndipo kukagwa mvula usiku wonse adzafikabe m'mawa? Mtengo wosasintha nawonso muukambirane nonse, chifukwa mu Febuluwale, mtengo wa pamsika ukakwera, ena mwa inu adzafuna kukagulitsa kumeneko. Ngati simunagwirizane zimenezi, chotsani mawu akuti "mtengo umodzi". Kulephera Lolemba limodzi lokha kumawabwezera kumsika, ndipo amanijala a malo amenewa amauzana.

Musamatepo zithunzi zambiri kapena chikalata cha mbiri ya gulu. Zimadya bandulo, ndipo anthu amaopa kutsegula zomata zochokera kwa mlendo. Akafunsa, mudzatumiza. Musatumizenso kalata imodzi kwa anthu khumi nthawi imodzi maadiresi onse akuoneka. Aliyense alandire yake. Ngati manijala wina amawerenga Chingerezi, lembani m'Chingerezi, koma dongosolo likhale lomweli.

Pakapita mlungu osayankhidwa, tsegulani imelo yomweyo mu Sent, dinani Reply, nkulemba mizere iwiri: kuti tomato wolawa uja akadalipo, ndipo mutha kubwera tsiku lina limene angasankhe. Akakhalabe chete, imbani foni kamodzi. Zikakanika apo, asiyeni, lemberani ena. Koma mukalembera malo asanu kapena asanu ndi limodzi popanda woyankha ndi mmodzi yemwe, musangoonjezera mawu. Tumani munthu akacheze ndi ophika, afunse chimene chimawavuta kwenikweni. Mwina ali naye kale wowagulitsa tomato, koma akusowa tsabola wobiriwira kapena letesi, ndiye chiganizo choyamba chija chiyenera kusintha.

Alembi, bweretsani kope la zokolola lija patebulo pano. Tipeze kaye nambala yeniyeni, kenako tilembe kalatayi limodzi tisanabalalike.