Alamu, apu ya mu golosale ija muyikonze chonchi

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona uthenga wanu uja wofunsa za apu yowerengera katundu ndi ndalama mu golosale, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba kunditengera tsiku lonse. Mumvere muli ndi foni ina m'manja, muziimitsa paliponse pamene ndathamanga.

Apu imene ndimagwiritsa ntchito kuno ndi Loyverse POS. Ili pa Play Store, ndipo zonse zimene ndikuuzeni lerozi n'zaulere. Pali zina zolipira pamwezi, monga kupatsa wantchito aliyense nambala yake yachinsinsi, koma zimenezo zisiyeni kaye. Mukaitsitsa ikufunsani imelo, pasiwedi, dzina la bizinesi ndi dziko, musankhe Malawi. Imeloyo ikhale yanu, alamu, osati ya mnyamata wogulitsa. Tsiku limene adzachoke asadzapite ndi mabuku a shopu yanu.

Dziwaninso kuti chinthuchi chili ndi zitseko ziwiri. China ndi apu ya pa foni, yogulitsira. China ndi chimene amachitcha Back Office, mumalowa kudzera pa Chrome ndi imelo yomweyo, ndipo n'kumene kuli malipoti ndi zosintha zikuluzikulu. Kumeneko tipitako kamodzi kokha lero.

Tiyambe ndi katundu, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera zonse osadziwa. Sankhani tsiku limene mwatseka, kaya Lamlungu masana, muwerenge katundu yense ali m'mashelefu ndi kuseri, mulembe m'kope. Osamalemba zoganizira. Mukayamba ndi nambala yabodza, apu izikuuzani bodza lomwelo mwaulemu mpaka chaka chithe.

Mukatha, tsegulani apu, dinani timizere titatu tili pakona, pitani pa `Items`, dinaninso `Items`, kenako dinani chizindikiro cha `+`. Tiyeni tilowetse shuga limodzi. Mitengo ndikutchulayi ndi yongoyerekeza, inu muike yanu ya lero. Pa `Name` lembani Shuga 1kg. Pa `Sold by` siyani pa `Each`, kutanthauza kuti mumagulitsa paketi imodziimodzi. Pa `Price` ndi mtengo wogulitsira, tinene K4,000. Muyang'anitsitse kuti palembedwa 4,000.00 osati 40.00, maziro awiri akumapetowa amapusitsa.

Tsopano pa `Cost`, mvetserani bwino. Apa si mtengo wa belo, ndi mtengo wa paketi imodzi. Belo ya mapaketi 20 mwaoda K70,000, ndiye gawani ndi 20, paketi ikugwa K3,500. Imeneyo ndiyo mulembe. Ine poyamba ndinalemba mtengo wa belo yonse, madzulo lipoti likundionetsa kuti paketi iliyonse ndaluza ndalama zankhaninkhani, mtima unachita kuti phwii. Ndiye mukadzaona phindu la chinthu china lili ndi kamzere kutsogolo, kusonyeza kuluza, thamangirani pa `Cost` ya chinthucho.

M'munsimu muli kabatani kolembedwa `Track stock`. Kayatseni. Mukapanda kukayatsa apu izigulitsa bwinobwino koma siziwerenga zotsala. Pa `In stock` lembani mapaketi amene munawerenga aja: mabelo awiri osatsegula ndi mapaketi 7 pa shelefu, ndiye 47, osati 2. Pa `Low stock` ikani nambala imene mukufuna izikuchenjezani kuti katundu watsala pang'ono. Ine shuga ndimaika 10, chifukwa kuchokera tsiku limene ndazindikira mpaka kupita kokaoda pamadutsa masiku awiri, ndipo mapaketi 10 amandifikitsa. Dinani `SAVE`, shuga watha.

Lamulo lake ndi limenelo basi: muwerenge katundu mmene mumagulitsira, osati mmene mumaodera. Sopo, machesi, mchere, buledi, zonse chimodzimodzi. Musadzipanikize kulowetsa shopu yonse usiku umodzi. Yambani ndi zinthu 30 kapena 40 zimene zimayenda tsiku lililonse, zinazo muzionjezera mkati mwa sabata. Zimene zili ndi timizere takuda pa paketi mutha kuzijambula ndi kamera ya foni pa `Barcode`, pogulitsa muzingolozetsa kamera. Koma kulowetsa katundu watsopano kumafuna intaneti, ndiye mugule kabandulo tsiku limenelo.

Mazira ndi amene amavuta pang'ono, chifukwa wina agula awiri, wina thireyi yonse. Mukalowetsa dzira padera, thireyi padera, chilichonse ndi sitoko yake, manambala sadzagwirizana mpaka kalekale. Chitani chonchi. Lowetsani Dzira ngati chinthu chimodzi. Thireyi ya mazira 30 mwaoda K12,000, ndiye `Cost` ndi K400, `Price` tinene K500, sitoko muwerenge mazira amodziamodzi. Kenako lowani ku Back Office, pangani chinthu china dzina lake Mazira thireyi, mtengo K14,000, yatsani `Composite item`, musankhe Dzira, kuchuluka 30. Kuyambira pamenepo, mukagulitsa thireyi imodzi apu imachotsa yokha mazira 30 pa sitoko ya dzira. Fanta wa kireti, machesi a paketi, njira yake ndi yomweyi.

Mukadali ku Back Office komweko, musatuluke. Pitani pa `Settings`, pa `Payment types`, muonjezere njira zolipirira. Ya `Cash` ilipo kale. Onjezerani zitatu, mtundu wake musankhe `Other`: imodzi muitche Airtel Money, ina Mpamba, yachitatu Ngongole. Ya ngongoleyo musaidabwe. Ndikudziwa mumati simukongoza, koma aphunzitsi apafupi aja akadzabwera pa 20 mwezi usanathe muwakaniza? Katundu akatuluka pa ngongole ayenera kudutsa mu apu kuti sitoko itsike, koma asaoneke ngati ndalama zili mu dilowa. Mayina a okongolawo muzilembabe m'kope lanu lija.

Pomwepo pa `Settings`, pitani pa `Features`, yatsani `Shifts`, sungani. Ichi ndiye mtima wa nkhani yonse, alamu. Popanda shifiti apu imangokuuzani zimene mwagulitsa. Ndi shifiti imakuuzani ndalama zimene ziyenera kupezeka mu dilowa, ndipo zinthu ziwirizi n'zosiyana.

Tsiku limayenda chonchi. M'mawa musanagulitse kanthu, werengani chenji chili mu dilowa, dinani `OPEN SHIFT`, lembani ndalamazo, tinene K20,000. Kasitomala akabwera, dinani zimene watenga, dinani `CHARGE`, musankhe mmene walipirira. Ngati ndi kashi mulembe ndalama imene wakupatsani, apu ikuuzani chenji. Ndalama ikamatuluka mu dilowa osati chifukwa cha chenji, pitani pa `Shift`, pa `CASH MANAGEMENT`, lembani kuchuluka kwake ndi chifukwa chake, dinani `PAY OUT`. Galimoto ya buledi yabwera mwalipira K24,000, lembani pomwepo galimotoyo isananyamuke, ndipo muonjezere malofu atsopanowo pa `In stock` ya buledi. Wakabaza mwamupatsa K3,000, lembani. Wangongole akabweza ndalama, musagulitsenso katundu kachiwiri ayi, dinani `PAY IN` mulembe dzina lake.

Ndikupatseni tsiku lathunthu kuti muone mmene masamu ake amayendera. Tinayamba ndi K20,000. Lipoti la shifiti likuonetsa kuti zogulitsa za kashi ndi K186,500, Airtel Money K42,000, Mpamba K15,000. Zonse pamodzi tagulitsa K243,500. Koma mu dilowa musayembekezere K243,500. Tengani 20,000 ya m'mawa, phatikizani 186,500, chotsani 27,000 ya buledi ndi kabaza, yatsala K179,500. Imeneyo apu imailemba pa `Expected cash amount`.

Tsopano mwawerenga ndalama, mwapeza K171,500. Zaperewera K8,000. Apa musafulumire kukalipira mwana, ndiponso musadine kaye kutseka shifiti. Tengani foni yolandirira ndalama, phatikizani mauthenga a Airtel Money a tsikulo. Mwapeza K50,000 pamene apu ikuti K42,000. Mwaona? K8,000 yosowa mu dilowa ija yapezeka mu foni. Wina anagula shuga awiri, analipira pa foni, koma wogulitsa chala chinazolowera, anadina `Cash`. Palibe wakuba. Kukonza kwake, pitani pa `Receipts`, pezani lisitilo, dinani `REFUND`, shuga awiriwo abwerera mu sitoko, kenako muwagulitsenso posankha Airtel Money. Tsopano apu ikuyembekeza K171,500, ndendende ndi zimene zili m'manja. Dinani `CLOSE SHIFT`, lembani pa `Actual cash amount`, pa `Difference` paoneke ziro, katsekeni mukagone.

Kusiyanako kumalankhula, mukazolowera muzikumva. Ndalama zikaperewera ndi nambala yozungulira bwino ngati 5,000 kapena 3,000, kawirikawiri wina watapa mu dilowa kukagula ndiwo osalemba `PAY OUT`, ndipo nthawi zambiri winayo ndi mwini shopu. Ndalama zikachuluka kuposa zimene apu ikuyembekeza, musasangalale. Ndiye kuti pali katundu anatuluka osadinidwa, mwina nthawi ya chigulu madzulo, ndipo sitoko yanu ya mu apu tsopano ndi yokwera kuposa ya pa shelefu. Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa kuposa kuperewera, chifukwa wogulitsa akazolowera kusadina, mawa ndalamayo siidzafikanso mu dilowa, ndipo shifiti idzatseka bwinobwino pa ziro. Chogwirira chinthu chotero ndi chimodzi chokha, kuwerenga katundu. Loweruka lililonse sankhani zinthu zisanu zothamanga, shuga, mafuta ophikira, sopo, mazira, zakumwa, muwerenge ndi manja, mufananize ndi nambala ya mu apu. Mphindi khumi zokha.

Za katundu wopita kunyumba, poti ndikudziwa achimwene akadutsa satuluka chimanjamanja. Pa `Items` pomwepo pali `Discounts`. Pangani imodzi ya 100% muitche Zakunyumba. Akatenga paketi ya shuga, idineni ngati mukugulitsa, ikani kuchotserako. Sitoko itsika, ndalama ndi ziro, ndipo pakutha pa mwezi mudzaona ndi maso kuti pakhomo padya zingati za shopu. Mazira osweka mutha kuwapangira yawo chimodzimodzi.

Netiweki ikathawa musaime, apu imagulitsa popanda intaneti, malisiti amasungika mu foni mpaka netiweki ibwere. `REFUND` yokha ndiyo imakana, imafuna intaneti. Koma chonde, malisiti asanakwere musadine `Sign out`, musafufute apu, musalole mwana ayeretse foni kuti mupezeke malo a magemu. Amene sanakwerewo amapita osabwerera. Ndiye madzulo aliwonse yatsani data, tsegulani `Receipts`, muone kuti palibe lisiti lolembedwa kuti silinatumizidwe. Magetsi athuwa mukuwadziwa, pawabanki ikhale yodzaza pansi pa kauntala, ndipo kope lisachoke pafupi. Foni ikazima lembani m'kope, ikayaka mulowetse zonse musanatseke shifiti.

Chabwino, kwafika kasitomala kuno. Lamlungu mukamaliza kuwerenga munditumizire chithunzi cha kopelo musanayambe kulowetsa, ndione ngati mwagawa bwino mitengo ya mabelo. Mupereke moni kwa ana.